Mawu a m'kope la wothamanga azichokera m'miyendo ya tsikulo

Funso: "Akochi, ndili ndi zaka 38, ndimakhala ku Chilomoni. Kwatsala masabata 16 kuti ndithamange marathoni yanga yoyamba mu Blantyre muno, ndipo ndikufuna kumaliza m'maola 4 ndi theka. Pamwamba pa tsamba lililonse la kope langa ndimalemba kuti 'Ndine ngwazi, sindigonja.' Poyamba mawuwa ankandidzutsa, koma pano ndikawawerenga nditatopa amangondinyansa. Ndizilemba chiyani tsiku lotopa, tsiku limene zayenda bwino, ndi tsiku la mpikisano?"

Achimwene, choyamba sinthani malo olembapo. Mawu olimbikitsa atsike, apite pansi pa tsamba, ndipo muziwalemba pomaliza. Pamwamba pazikhala zinthu zinayi: mtunda ndi nthawi imene mwathamanga, maola amene munagona, kugunda kwa mtima wanu podzuka, ndi kulemera kwa ntchito ya tsikulo pa mulingo wa 1 mpaka 10, pomwe 1 ndi kuyenda kocheza ndipo 10 ndi pamene mpweya watheratu. Mukalemba zinayizi, muziwerenge kaye, kenako mudzifunse kuti munthu amene manambala ake ndi awa akufunika kumva chiyani. Yankho lake ndiye mzere wa tsikulo.

Chimene chikukunyansani sichachilendo. Mawu amene mtima sukuwakhulupirira pa nthawiyo amabweza m'mbuyo m'malo mokankha. Mu 2009 akatswiri a za maganizo a ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, motsogozedwa ndi Joanne Wood, anauza anthu kuti azibwereza mawu odzitamanda onena kuti iwo ndi anthu okondeka. Amene ankadziona otsika kale anamva kuipa kwambiri atabwereza mawuwo kusiyana ndi anzawo amene sanawanene. Wothamanga amene miyendo yake yauma gwa, wagona maola 5, kenako n'kuwerenga kuti ndi ngwazi, ali pamalo omwewo. Thupi likumuuza china, kope likumuuza china, ndipo amakhulupirira thupi.

Musataye mtima ndi mawu onse chifukwa cha zimenezi, pakuti akasankhidwa bwino amagwiradi ntchito. Ku yunivesite ya Bangor ku Wales, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2014, anthu 24 anapalasa njinga yoimirira mpaka kulephera. Theka la iwo linaphunzira kudzilankhula kwa masabata awiri, ndipo atabwerera pa njinga anapirira nthawi yotalikirapo ndi 18 pa 100 alionse, pamene enawo sanasinthe kwenikweni. Chimene ndimachikonda mu kafukufukuyo n'chakuti munthu aliyense anadzisankhira yekha mawu anayi, ena a koyambirira ndi ena a kumapeto pamene zavuta, ndipo anawayeserera pophunzira asanawagwiritse ntchito pa mayeso. Pa yunivesite yomweyo anadzapezanso mu 2019 kuti opalasa makilomita 10 ankafulumirako pang'ono akamadzitchula kuti "iwe" m'malo mwa "ine". Anthu ake anali ochepa, choncho sindikunena kuti ndi lamulo, koma m'Chichewa zimamveka bwino zedi. "Ndingathe" ndi kudzitama, pamene "ungathe, tiye" ndi mawu a mkulu wako amene akuthamanga pambali pako. Mizere yonse imene ndikupatseni ndi ya "iwe".

Tiyambe ndi kutopa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadzivulaza ndi bolopeni yawo yomwe.

Kutopa kuli pawiri, ndipo mawu a kutopa kumodzi ndi poizoni pa kwinako. Kuti musiyanitse, sabata ino yonse muziwerenga kugunda kwa mtima mukangodzuka, musanatsike pabedi: zala ziwiri pa mtsempha wa pakhosi kapena pa dzanja, kwa mphindi imodzi yathunthu. Tiyerekeze kuti masiku ambiri mukupeza 56. Imeneyo ndiyo nambala yanu.

Kutopa koyamba ndi kwa bulangete. Ndi 5 koloko m'mawa, chiperoni chakuta Michiru yense, kunja kukuwaza, miyendo ikulemera, koma mtima wagunda 57 ndipo munagona maola 7. Thupi lilibe mlandu, ndi mtima chabe ukukana. Tsiku lotere silifuna mawu akuluakulu. Lifuna lamulo laling'ono lomwe simungalikane: "Vala nsapato, thamanga mphindi 10, ukatero uweruze." Mzere umenewu muulembe usiku, nsapato ndi masokosi muziike pakhomo. Mphamvu yake ili pa chilolezo chimene chili mkatimo. Ngati pakatha mphindi 10 zinthu sizinapepuke, mwaloledwa kubwerera kunyumba popanda kudziimba mlandu. Mwa othamanga amene ndawaphunzitsa, obwerera ndi ochepa kwambiri, chifukwa thupi likatenthedwa ulesi wa m'mawa umasungunuka wokha.

Kutopa kwachiwiri n'kwenikweni. Nali tsamba lotere, la sabata 7, monga lingaonekere m'kope lanu:

Lachinayi. Makilomita 8, mphindi 58. Kugona: maola 5 ndi theka. Mtima podzuka: 65, dzulo 64. Kulemera: 7. Njala palibe, ana ndawakalipira popanda chifukwa.

Taonani bwino. Makilomita 8 omwewo sabata yatha anali pa kulemera kwa 4, lero ali pa 7 ngakhale mwachedwa. Mtima wakwera ndi 8 kapena 9 masiku awiri otsatizana. Pansi pa tsamba ngati limeneli, "sindigonja" ndi bodza loopsa. Mzere woona ndi wakuti: "Mawa ntchito yako ndi kugona ndi kudya. Mphamvu zimalowa popuma." Ndipo zimenezi ndi zoona za thupi, si zongodzitonthoza: kuthamanga kumaphwanya timinofu ndi kutha chakudya chosungidwa m'minyewa, ndipo kumanga kumachitika pamene mwapuma. Mukadumpha tsiku limodzi kapena awiri mu sabata 7, pa mpikisano sipadzaoneka chilichonse. Mukaumirira, mutha kutaya mwezi.

Pali masiku ena amene mzere wolimbikitsa suyenera kulembedwa n'komwe. Thupi likatentha, mutu ukamawawa, mafupa akamaphwanya, pitani mukayezetse malungo, nsapato zikhale. Kuno kwathu mtima wokwera m'mawa nthawi zina ndiwo umayamba kuulula malungo munthu asanayambe kunjenjemera. Chimodzimodzi ululu umene mungauloze ndi chala chimodzi pa fupa la msongolo kapena pamwamba pa phazi, umene umakula pamene mukuthamanga m'malo mochepa, kapena umene ukukutsimphinitsani. Ndili mnyamata ndinalemba "ululu ndi mphunzitsi" masabata atatu otsatizana, msongolo wa kumanzere ukubaya pamalo amodzi. Kope limenelo ndikadali nalo. Ukamaliwerenga umaona malembo akukula tsiku ndi tsiku, ngati munthu amene akukuwa kuti asamve mnzake. Mapeto ake fupa linali litayamba mng'alu, ndipo ndinakhala pafupifupi miyezi iwiri osathamanga. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti akaona mawu a m'kope lake akunka naukali pamene manambala akunka naipa, aime.

Tsopano masiku amene zayenda bwino. Apa cholakwika cha ambiri n'kulemba zachisangalalo zokha, monga "lero ndinali moto". N'zabwino kusangalala, koma mzere wotero mukadzauwerenga pakatha mwezi sudzakupatsani kanthu. Tsiku labwino lembani umboni, wokhala ndi malo ndi nambala, woti simungadzaukane ngakhale mutakhumudwa chotani.

Njira yake ndi iyi. Sankhani msewu umodzi woti muziubwereza masabata atatu alionse. Mwachitsanzo, kukwera msewu wa Masauko Chipembere kuchokera ku Ginnery Corner, kudutsa ku Chichiri kulowera ku Limbe, n'kubwerera. Tinene kuti mu sabata 3 munathamanga makilomita 16 pa mphindi 6 ndi masekondi 55 kilomita iliyonse, kulemera 7, ndipo pa chitunda china munayenda wapansi. Mu sabata 9 mtunda womwewo mwautha pa mphindi 6 ndi masekondi 40, kulemera 5, osaima. Mzere wa tsikulo ukhale: "Chitunda chimene chinakuyendetsa pansi mu sabata 3, lero wachikwera ukulankhula ndi mnzako." Muikepo nyenyezi m'mbali mwa tsamba. Pofika kumapeto mudzakhala ndi nyenyezi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo mudzazifuna kwambiri, monga ndifotokoze posachedwa.

Eliud Kipchoge wa ku Kenya amadziwika ndi mawu ake akuti palibe munthu amene ali ndi malire, ndipo anthu ambiri amawakopera m'makope awo. Chimene amaiwala n'chakuti mkuluyu wakhala akulemba maphunziro ake onse m'makope kwa zaka zambirimbiri. Pamene ankathamanga makilomita 42.195 mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna pa 12 Okutobala 2019, mawu aja anali atatsamira pa mulu wa masamba odzaza ndi manambala. Kwa iye anali oona. Inu mutengereko chizolowezi cha kope, mawu mupange anu.

Tsiku labwino lilinso ndi msampha. Thupi likapepuka, munthu amafuna kuthamanga mwaliwiro tsiku lililonse, n'kuiwala kuti makilomita ambiri a sabata, pafupifupi anayi mwa asanu alionse, ayenera kukhala ofatsa, oti mutha kulankhula chiganizo chathunthu osabanika. Choncho pansi pa mzere wa nyenyezi muziwonjezera buleki: "Mawa pang'onopang'ono, ngakhale miyendo ipemphe." Ndaona anthu ambiri akuvulala sabata yotsatira tsiku lawo labwino kuposa sabata yotsatira tsiku loipa.

Padzabweranso masabata ena, kawirikawiri chapakati, pamene palibe chosintha. Simukudwala, simukupita patsogolo, zangoti zii. Apa musafunefune zotamanda pa wotchi. Werengani masiku amene munadzuka: "Unapangana masiku 4, wafika masiku 4." Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo masabata oterewa ndiwo kudumphako.

Mawu a tsiku la mpikisano sapangidwa tsiku la mpikisano. Amayesedwa ngati nsapato, pa maulendo ataliatali a Loweruka kapena Lamulungu, kuyambira sabata 10 mpaka 13, pamene mukukwera kuchoka pa makilomita 26 kufika pa 30 kapena 32. Usiku wake lembani mizere iwiri yoti mukayese. M'makilomita 5 omaliza, pamene miyendo yayamba kudandaula, inenereni mumtima. Pobwera lembani pambali pake kuti "wagwira" kapena "sunagwire". Mudzadabwa kuti mawu okoma pa pepala ambiri amafera panjira, chifukwa ndi aatali. Munthu wotopa sangasenze chiganizo cha mawu khumi.

Chichewa chathu chimatithandiza pamenepa, chifukwa mawu ake amagawika bwino m'timagawo tofanana. Yesani "phe-wa pa-nsi": magawo anayi, mapazi anayi, ndipo pamene mukunena mapewa amene anakwera kufika m'makutu amatsikadi. "Ti-ye, ti-ye" amakwanira pa chitunda, mapazi awiri pokoka mpweya, awiri potulutsa. "Ka-mo-dzi-nso" ndi wa pamene zafika povuta. Ine sindikonda mawu okaniza monga "usaime" kapena "usatope", chifukwa kwa ine amasiya kuima ndi kutopa zikuzungulira m'mutu. Ndimasankha onena chochita. Koma ngati mwayesa wokaniza pa makilomita 28 ndipo wakunyamulani, usungeni. Woweruza ndi msewu.

Masabata awiri kapena atatu omaliza mudzachepetsa makilomita kuti thupi lichire. Nthawi imeneyi mantha amalowa. Miyendo imamveka yachilendo, timaululu timatulukira apa ndi apo, ndipo mtima umanong'oneza kuti simunakonzeke, muwonjezere ulendo umodzi wautali. Apa ndi pamene nyenyezi zija zimagwira ntchito. Usiku uliwonse tsegulani tsamba limodzi la nyenyezi, muliwerenge, ndipo mzere wa tsikulo muutenge pomwepo: "Makilomita 32 unawatha mu sabata 13. Sanachoke m'miyendo."

Tifike pa tsikulo. Kuti mumalize m'maola 4 ndi theka, kilomita iliyonse izitenga mphindi 6 ndi masekondi 24. Ndiye kuti pa makilomita 10 wotchi izinena ola limodzi ndi mphindi 4, pa theka la mtunda maola 2 ndi mphindi 15, pa makilomita 30 maola 3 ndi mphindi 12. Blantyre ndi wa zitunda, choncho pokwera mudzachedwerapo ndipo potsika mudzabweza. Musalimbane ndi wotchi pa kilomita iliyonse, muziyang'ana pa malo atatuwa. Manambala amenewa muwalembe pa mkono ndi bolopeni, ndipo pambali pa iliyonse pakhale mzere wake.

Mzere wa makilomita 10 oyamba si wolimbikitsa ayi, ndi wogwira malaya. M'mawa umenewo simudzasowa mphamvu: mwapuma masabata awiri, anthu akukuwa, aliyense akuthamanga ngati wathamangitsidwa. Liwiro la mphindi 6 pa kilomita lidzamveka ngati kuyenda. Mukalitsatira kwa makilomita 10 mudzapindula mphindi 4 zokha. Koma mukadzaphwa pa makilomita 33 n'kuyamba kuyenda wapansi, pa mphindi 10 kilomita iliyonse, mudzataya mphindi zoposa 3 ndi theka pa kilomita imodzi, ndipo makilomita awiri okha adzadya phindu lonse lija n'kupitirira. Ndiye lembani: "Asiye apite." Makolo anatisiyira kale mawu ake, akuti kuthamanga sikufika, ndipo palibe malo amene mwambiwu umakwanira ngati pa kilomita yachitatu ya marathoni.

Kuyambira pa 10 kufika pa 30 mutu umayamba kuyendayenda, kuwerengera makilomita otsala, kukumbukira ngongole. Mzere wa apa ukhale wa ntchito: "Imwa, idya, phewa pansi." Ukukumbutseni kumwa madzi pa malo omwera ndi kudya kachinthu kotsekemera pakatha mphindi 30 kapena 40 zilizonse, kaya ndi theka la nthochi kaya ndi china chimene munachiyesa kale pa maulendo ataliatali. Chachilendo musachilawe tsikulo.

Chapakati pa makilomita 30 ndi 35 shuga wosungidwa m'minyewa ndi m'chiwindi amakhala atatsala pang'ono, thupi limadalira kwambiri mafuta amene amapsa pang'onopang'ono, ndipo miyendo imasanduka mitengo. Ubongo nawo umasowa shuga, n'chifukwa chake maganizo amada. Mudzamva liwu lomveka bwino lomwe likunena kuti zonsezi n'zopanda pake. Musatsutsane nalo, ndipo musaganize za makilomita 10 otsala. Chepetsani dziko: "Mpaka pa pholo ilo." Mukafika pa pholo la magetsi limenelo, sankhani lina. Ena amagawa makilomita omalizawa kwa anthu awo, 38 ya mayi, 39 ya mwana woyamba, 40 ya malemu bambo. Mayi wina amene ndinamuphunzitsa analemba mayina a ana ake atatu mkati mwa mkono, ndipo anandiuza kuti pa kilomita ya mwana wake wamng'ono sakanatha kuyenda wapansi ngakhale akanafuna. Yesani zimenezi pa ulendo wa makilomita 32 kaye, chifukwa ena zimawadzetsa misozi n'kuwatsekereza mpweya.

Nkhanga zinapangana kusanapse, ndiye usiku woti mawa ndi mpikisano lembaninso mizere iwiri yoyamba ndi "ngati". Woyamba: "Ngati pa makilomita 30 wachedwa ndi mphindi zoposa 10, iwala wotchi, maliza mpikisano." Popanda mzere umenewu, anthu ambiri cholinga chikangowapulumuka amatayiratu zonse, pomwe kumaliza marathoni yoyamba m'maola 4 ndi mphindi 50 ndi chinthu chachikulu. Wachiwiri: "Ngati chifuwa chikuwawa, ukuona chizungulire, wasokonezeka mutu, kapena ukumva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, ima ufune achipatala." Muulembe ndi dzanja lanu mutu uli bwino, kuti ikadzafika nthawiyo kuima kudzakhale kumvera pangano lanu, osati kugonja.

Mukadzakopeka tsiku lina ndi mpikisano wa onyamula katundu wa pa phiri la Mulanje, umene umayambira ku Likhubula, mizere ya wotchiyi idzakhala yopanda ntchito. Kumeneko ngakhale amphamvu amayenda manja ali pa mawondo pokwera ku Chambe, ndipo mawu ofunika ndi a potsika, onena za kuyang'ana poponda. Mpikisano uliwonse umafuna mizere yakeyake.

Madzulo a tsiku la marathoni, kaya zayenda kaya zavuta, lembani manambala okha: nthawi ya pa 10, pa theka, pa 30, pomaliza, zimene munadya ndi kumwa, pamene zinayamba kuvuta, ndi mzere uti mwa itatu ija umene unagwira. Malo a pansi pa tsamba muwasiye opanda kanthu mpaka patapita masiku awiri kapena atatu, ntchafu zikayamba kulola kuti mutsike masitepe choyang'ana kutsogolo. Zimene munthu amalemba usiku womwewo zimakhala za kutopa, ndipo ndaona anthu akulumbira kuti sadzathamanganso, Lachitatu lake n'kumandifunsa tsiku la mpikisano wina.

Masamba akale aja a "Ndine ngwazi" musawang'ambe. Manambala amene ali pansi pake ndiwo mudzayerekeze nawo mu sabata 9. Mawa m'mawa, musanatsike pabedi, gwirani mtsempha wa pakhosi, muwerenge mphindi imodzi, ndipo nambala imeneyo ikhale chinthu choyamba pa tsamba latsopano.